Kusunga mapasiwedi: kuwalemba poyera, kuwatsekera ndi kiyi, kapena kuwagaya ndi mchere

Tsiku lina ndinaiwala pasiwedi yanga pa webusayiti ya bungwe lina limene ndinalembetsako. Ndinadina pomwe amadina anthu oiwala, ndipo pasanathe mphindi ziwiri imelo inafika. M'kati mwake munali pasiwedi yanga yeniyeniyo, chilembo ndi chilembo monga ndinailembera tsiku lolembetsa. Zinandiwawa mumtima, chifukwa ndinadziwa tanthauzo lake. Ngati kompyuta yawo inatha kuwerenga pasiwediyo n'kunditumizira, ndiye kuti woyang'anira seva angathenso kuiwerenga, ndipo wakuba amene angalowe m'nkhokwe yawo ya deta adzawerenga ya munthu aliyense.

Amene mumalemba mapulogalamu olowera ndi pasiwedi, yambani n'kuvomereza kuti tebulo la mapasiwedi lingathe kubedwa. Limabedwa kudzera pa fomu yosatetezedwa bwino, pa fayilo ya bakapu yoiwalika pa seva, kapena pa laputopu ya wantchito imene yasowa. Choncho muyezo umene ndiyezere njira iliyonse pano ndi umodzi: tebulo lili kale m'manja mwa wakuba, ndiye atsala ndi ntchito yochuluka bwanji kuti adziwe pasiwedi ya munthu mmodzi, ndiponso ya anthu onse?

Kulemba poyera

Apa wakuba satsala ndi ntchito iliyonse. Mu Disembala 2009 kampani ya ku America yotchedwa RockYou, imene inkapanga timapulogalamu ta pa MySpace ndi Facebook, inaberedwa maakaunti 32 miliyoni. Mapasiwedi onse anali olembedwa poyera. Atachotsa obwerezabwereza panatsala mapasiwedi osiyana pafupifupi 14 miliyoni, ndipo mndandanda umenewu, wodziwika ndi dzina la `rockyou.txt`, ndi umene anthu othyola mapasiwedi amayambira kuyesa mpaka lero. Kulakwa kwa kampani imodzi kunaphunzitsa akuba mmene anthufe timasankhira mapasiwedi.

Pali ena amene amadutsitsa pasiwedi mu Base64 n'kumaganiza kuti aibisa. Pasiwedi ya `123456` imasanduka `MTIzNDU2`, ndipo imaoneka ngati yobisika, koma aliyense angaibweze ndi lamulo limodzi popanda kiyi. Imeneyo ndi pasiwedi yolembedwa poyera basi.

Chinanso chimene chimagwetsa ngakhale makampani aakulu ndi malogi, mafayilo amene pulogalamu imalembamo zonse zimene zikuchitika. Mu 2019 Facebook inavomera kuti mapasiwedi a anthu mamiliyoni mazanamazana anapezeka olembedwa poyera m'makina ake a m'kati, ndipo mu 2024 bungwe loteteza deta la ku Ireland linalipiritsa kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, mayuro 91 miliyoni pa nkhaniyi. Mungathe kusunga bwino m'tebulo koma mzere umodzi umene munalemba pofufuza vuto, wolemba zonse zochokera pa fomu yolowera, ukuulula zonse kumbali.

Kutsekera ndi kiyi: zimene zinachitikira Adobe

Njira iyi ndi imene imanyenga anthu anzeru, ndiye ndichedwapo. Maganizo ake amamveka bwino. Titenge pasiwedi, tiitsekere ndi njira yamphamvu ngati AES, tisunge zotsekedwazo, ndipo munthu akamalowa titsekule n'kufananiza. Vuto loyamba lili m'mawu akuti titsekule. Chinthu chotsekedwa ndi kiyi chinapangidwa kuti chizitsekuka. Pulogalamu imene imalowetsa anthu iyenera kukhala ndi kiyiyo nthawi zonse, ndipo kawirikawiri imakhala m'fayilo ya pa seva yomweyo kapena m'khodi momwemo. Wakuba amene wafika pa tebulo nthawi zambiri safika patali kuti apeze kiyi, ndipo kiyi imodziyo imatsekula mapasiwedi onse nthawi imodzi, afupi ndi atali omwe. Munthu amene anavutika kusankha pasiwedi ya zilembo 20 amagwa limodzi ndi wa `123456`.

Nkhani ya Adobe inaonetsa kuti ngakhale kiyi isapezeke, zinthu zimaipabe. Mu Okutobala 2013 kampaniyi inalengeza kuti yaberedwa, ndipo patapita masabata ochepa pa intaneti panatuluka fayilo ya maakaunti pafupifupi 150 miliyoni. Mapasiwedi anatsekeredwa ndi 3DES, onse ndi kiyi imodzi, m'kachitidwe kotchedwa ECB. Kachitidwe kameneka kamadula mawu m'zidutswa za mabaiti 8, ndipo chidutswa chilichonse chimatsekedwa pachokha, osayang'ana chinzake. Zotsatira zake n'zakuti zidutswa zofanana zimatuluka zofanana. Taonani mizere iyi ya m'fayilomo pamodzi ndi mapasiwedi amene ofufuza anazindikira:

```
EQ7fIpT7i/Q=                123456
j9p+HwtWWT/ioxG6CatHBw==    12345678
j9p+HwtWWT86aMjgZFLzYg==    123456789
L8qbAD3jl3jioxG6CatHBw==    password
```

Mzere woyamba ndi waufupi kuposa enawo, ndipo zimenezi zokha zikuulula kuti pasiwediyo siifika zilembo 8. Wachiwiri ndi wachitatu akuyamba mofanana chifukwa zilembo 8 zoyambirira n'zofanana. Wachiwiri ndi wachinayi akutha mofanana chifukwa onse ali ndi zilembo 8 ndendende. Munthu asanagwire kiyi wadziwa kale kutalika kwa pasiwedi, wadziwa anthu amene mapasiwedi awo amayamba mofanana, wadziwanso onse amene ali ndi pasiwedi imodzi.

Chimene chinamaliza ntchito ndi mawu okumbutsira. Adobe inkalola munthu kulemba mawu oti adzamukumbutse pasiwedi akaiwala, ndipo mawuwa anasungidwa poyera pafupi ndi pasiwedi yotsekedwayo. Mzere woyamba uja unabwerezedwa pa maakaunti pafupifupi 1.9 miliyoni. Pa anthu ochuluka chonchi sipangalephere ena amene analemba mawu okumbutsira osavuta kumva, ngati kuwerenga kuchokera pa 1 kufika pa 6. Mmodzi akaulula yake, wauliranso onse 1.9 miliyoni, kuphatikizapo amene sanalembe mawu okumbutsira. Jeremi Gosney, katswiri wofufuza za mapasiwedi, anatulutsa mndandanda wa mapasiwedi 100 ofala kwambiri m'fayiloyi pogwiritsa ntchito njira yotereyi, popanda kiyi.

Adobe inanena kuti makina amene anaberedwawo anali akale oyembekezera kuchotsedwa, ndipo makina atsopano ankagwiritsa ntchito kale hashi yokhala ndi mchere, njira imene ndifotokoze pansipa. Mfundo imeneyi ndibwereranso kwa iyo, chifukwa zakale zosiyidwa pambali zapweteketsa anthu ambiri.

Wina anganene kuti vuto linali ECB, ndipo AES yogwiritsidwa ntchito moyenera siulula zofananazi. N'zoona. Koma vuto la kiyi imodzi yotsekula zonse limatsala, ndipo palibe chifukwa choti mulisenze. Pulogalamu yanu siifunika kudziwa pasiwedi ya munthu. Imangofunika kudziwa ngati zimene walemba lero zikufanana ndi zimene analemba polembetsa. Kutsekera ndi kiyi kuli ndi malo ake, pa zinthu zimene mudzafunika kuziwerenganso, monga nambala ya chiphaso cha munthu kapena kiyi yolumikizira seva ina. Pasiwedi yolowera siili m'gulu limenelo.

Hashi yopanda mchere

Hashi ili ngati chigayo. Mukathira chimanga mumatuluka ufa, ndipo palibe chogwirira chimene mungazungulitse kuti ufawo ubwerere kukhala chimanga. Koma chigayo cha masamu ichi chili ndi khalidwe lina: mawu omwewo amatulutsa ufa womwewo nthawi zonse, ndipo mukasintha chilembo chimodzi chokha ufa wonse umasinthiratu. Choncho polembetsa mumagaya pasiwedi n'kusunga ufawo, pasiwedi n'kuitaya. Munthu akamalowa mumagaya zimene walemba n'kufananiza ufa ndi ufa. Palibe kiyi yoti ibedwe.

Wakuba sayesa kubweza ufa. Chigayocho ali nacho nayenso, chifukwa MD5 ndi SHA-1 ndi njira zodziwika kwa aliyense. Amatenga mndandanda wa mapasiwedi oganizira, n'kugaya imodziimodzi, n'kuona ngati ufa wake uli m'tebulo lanu. Pasiwedi ya `123456` ikagayidwa ndi MD5 imatulutsa izi pa kompyuta iliyonse padziko lapansi:

```
e10adc3949ba59abbe56e057f20f883e
```

Amene amagwira ntchito yothyola mapasiwedi ambiri amaudziwa mzerewu pamtima. Ndipo pali matebulo okonzedwa kale a mapasiwedi mabiliyoni ndi mahashi ake, oti munthu amangofufuzamo osagaya kanthu.

Izi n'zimene zinagwera LinkedIn. Mu Juni 2012 mahashi 6.5 miliyoni a SHA-1 opanda mchere anatulutsidwa pa intaneti, ndipo ambiri anathyoledwa m'masiku ochepa. Mu 2016 zinadziwika kuti kuba komweko kunali kwakukulu kuposa pamenepo, pamene maimelo ndi mahashi a maakaunti 117 miliyoni anayamba kugulitsidwa. Matenda a Adobe aja analiponso apa: anthu a pasiwedi imodzi anali ndi hashi imodzi, ndiye kuthyola kamodzi kunali kuthyola onse.

Zimene mchere umachita ndi zimene suchita

Mchere, umene m'khodi mudzauona wolembedwa `salt`, ndi timabaiti tosankhidwa mwachisawawa timene timasakanizidwa ndi pasiwedi isanagayidwe. Munthu aliyense amakhala ndi wakewake, ndipo akasintha pasiwedi amalandira watsopano. Nzeru imeneyi ndi yakale. Robert Morris ndi Ken Thompson anaifotokoza mu 1979 polemba za mapasiwedi a Unix, ndipo mchere wawo unali wa mabiti 12, kutanthauza kuti pasiwedi imodzi inkatha kutuluka m'maonekedwe 4,096. Masiku ano muyezo ndi mabaiti 16, ochokera ku chotulutsa manambala achisawawa chodalirika cha kompyutayo.

Mchere si chinsinsi. Umasungidwa poyera pafupi ndi hashi, chifukwa pofananiza mudzaufuna. Anthu ena akamva zimenezi amadabwa, nanga wakuba akauona? Auone ndithu. Ntchito ya mchere ndi kupangitsa kuti anthu awiri a pasiwedi imodzi akhale ndi mahashi osiyana, kuti matebulo okonzedwa kale aja akhale opanda ntchito, ndiponso kuti wakuba azigayira munthu aliyense payekha. Chifukwa chake mchere umodzi wa anthu onse wolembedwa m'khodi suthandiza mokwanira, chifukwa wakuba amagaya mndandanda wake kamodzi ndi mcherewo n'kufananiza ndi tebulo lonse. Dzina lolowera nalonso si mchere wabwino, popeza `admin` amapezeka paliponse ndipo munthu akasintha pasiwedi dzinalo silisintha.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tinene kuti tebulo lanu lili ndi anthu 100,000, ndipo wakuba ali ndi mndandanda wa RockYou wa mapasiwedi 14 miliyoni ndi khadi limodzi la zithunzi la RTX 4090, longa limene osewera magemu amagula, likuyendetsa pulogalamu yothyola mapasiwedi ya `hashcat`. Khadi lotere limagaya mahashi a SHA-256 oposa 20 biliyoni pa sekondi.

Popanda mchere, amagaya mndandanda wonse kamodzi. Kugaya 14 miliyoni pa liwiro limeneli sikutenga ngakhale sekondi imodzi. Ndi mchere wa aliyense payekha, ayenera kugaya mndandanda wonsewo kwa munthu aliyense, 14 miliyoni kuchulukitsa ndi 100,000, zimene zikukwana 1,400 biliyoni. Ntchito yakula ka 100,000. Koma gawani ndi 20 biliyoni muone: masekondi 70. Mchere wagwira ntchito yake yonse, komabe tebulo lonse layesedwa madzi a tiyi asanawire. Ndi chifukwa chake ndikaona `sha256($mchere . $pasiwedi)` m'khodi ya mnzanga sindikhutira, ngakhale mchere wake uli wabwino. SHA-256 si yofooka, koma inapangidwa kuti izithamanga, chifukwa ntchito yake ndi kutsimikiza mafayilo akuluakulu. Pa mapasiwedi liwiro limenelo limathandiza wakuba.

Kuchoka pa chigayo kupita pa mtondo

Yankho ndi kusankha dala njira yochedwa. Munthu wolowa amagayitsa pasiwedi kamodzi, ndipo kudikira kagawo ka sekondi sakumva n'komwe. Wakuba amafunika kugaya kambirimbiri, ndiye kagawo komweko kamamuthyola msana. Zili ngati kumulanda chigayo chamagetsi n'kumupatsa mtondo ndi munsi.

Njira yakale yodalirika ndi bcrypt, imene Niels Provos ndi David Mazières anapangira OpenBSD n'kuifotokoza mu 1999. Ili ndi nambala imodzi yoisintha, `cost`, ndipo mukaonjezera 1 ntchito imawirikiza kawiri. Pa `cost` 12, khadi lija limene limagaya SHA-256 yoposa 20 biliyoni pa sekondi limangokwanitsa pafupifupi 1,400. Bwererani ku masamu athu: 1,400 biliyoni kugawa ndi 1,400 ndi masekondi 1 biliyoni, zaka zoposa 30. Kuchoka pa masekondi 70 kufika zaka 30, tebulo lake lomwelo, anthu ake omwewo. Ubwino wina wa bcrypt ngwakuti imapanga yokha mchere wa mabaiti 16 n'kuuika m'mzere umodzi wa zilembo 60 pamodzi ndi `cost` ndi hashi. Mzere woyamba ndi `$2b$12$` kapena `$2y$12$` ndi wa bcrypt pa 12.

Chilema chake chodziwika n'chakuti imawerenga mabaiti 72 oyambirira okha, otsalawo malaibulale ambiri amangowataya osanena. Pa pasiwedi wamba si vuto. Vuto limabwera mukayamba kulumikiza zinthu zina kutsogolo kwa pasiwedi. Mu 2024 kampani ya Okta inalengeza kuti mbali ina ya makina ake inkalumikiza nambala ya munthu, dzina lolowera ndi pasiwedi n'kuzidutsitsa mu bcrypt, moti dzina likafika zilembo 52 kapena kuposa, pasiwedi inkatha kugwera kunja kwa mabaiti 72, ndipo nthawi zina munthu akanatha kulowa popanda pasiwedi yolondola. Perekani pasiwedi yokha kwa bcrypt.

PBKDF2, imene inalembedwa mu RFC 2898 m'chaka cha 2000, imachedwetsa pobwereza hashi wamba kambirimbiri. Bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu la OWASP limalangiza kubwereza ka 600,000 mukamagwiritsa ntchito HMAC-SHA256. Imapezeka pafupifupi m'chinenero chilichonse cha mapulogalamu, Django amaigwiritsa ntchito mukapanda kusankha ina, ndipo ndi imene imavomerezedwa kumene malamulo a FIPS a boma la America akufunika. Kufooka kwake n'kwakuti siifuna memori yambiri, choncho makadi a zithunzi, amene ali ndi timainjini masauzande togwira ntchito limodzi, amaithamangitsa bwino kuposa bcrypt. Ndingaisankhe ngati lamulo likundikakamiza kapena ngati palibe ina, ndipo ndikaipeza ikugwira ntchito ndi chiwerengero chokwanira sindithamangira kuichotsa.

Njira zatsopano zimamenya wakuba pa memori. Colin Percival anatulutsa scrypt mu 2009 ndi maganizo amenewa, ndipo Argon2, yopangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Luxembourg, inapambana mpikisano wa njira zosungira mapasiwedi mu 2015 n'kulembedwa mu RFC 9106 mu 2021. Mtundu wake woyenera mapasiwedi ndi Argon2id. Aliyense amene anayanikapo ufa amadziwa kuti ngakhale mutakhala ndi anthu osinja makumi awiri, ngati mphasa zoyanikira zili zitatu, mphasazo ndi zimene zimalamula ntchito. Argon2id imafuna mphasa yaikulu pa kuyesa kulikonse. Mukaiuza kuti igwiritse ntchito mamegabaiti 64, khadi lija, limene lili ndi magigabaiti 24 a memori, lingasunge zoyesa zosakwana 400 pa nthawi imodzi, pomwe lili ndi timainjini toposa 16,000.

Argon2id ili ndi manambala atatu: `m` ya memori, `t` ya maulendo obwereza, `p` ya mizere yoyenda limodzi. OWASP imaika muyezo wotsikitsitsa pa mamegabaiti 19, `t` ya 2 ndi `p` ya 1. Koma mphasa imeneyi mumaiyalanso inuyo. Ngati seva yanu ndi yaing'ono ya magigabaiti 2, ndipo anthu 50 akulowa nthawi imodzi m'mawa, mamegabaiti 64 kuchulukitsa ndi 50 akupitirira magigabaiti 3, ndipo seva idzagwa. Mdani angachitenso dala zimenezi potumiza mapasiwedi abodza ambirimbiri. Yesani pa seva yeniyeniyo, osati pa laputopu yanu, sankhani manambala amene akutenga nthawi yosapitirira theka la sekondi, ndipo ikani malire a kuchuluka kwa kuyesa kulowa.

Kusankha kwanga n'kotere. Pa pulogalamu yatsopano ndimatenga Argon2id ngati seva ili nayo ndipo memori ikulola. Pa seva yobwereka yogawana ndi ena, kapena kumene Argon2id kulibe, bcrypt pa 12 ndi yokwanira ndipo sindichita nayo manyazi. Mpata umene uli pakati pa ziwirizi ndi waung'ono poyerekeza ndi phompho limene lili pakati pa izo ndi MD5.

Musalembe nokha khodi ya mchere ndi kufananiza. Mu PHP, kuyambira pa 5.5, ntchito yonse ili m'mizere yochepa:

```php
$hashi = password_hash($pasiwedi, PASSWORD_DEFAULT);

if (password_verify($yolembedwa, $hashi)
    && password_needs_rehash($hashi, PASSWORD_DEFAULT)) {
    $hashi = password_hash($yolembedwa, PASSWORD_DEFAULT);
}
```

`password_hash` imapanga yokha mchere, ndipo `PASSWORD_DEFAULT` pakali pano ndi bcrypt. Ofuna Argon2id alembe `PASSWORD_ARGON2ID`, imene inabwera mu PHP 7.3. Danga la m'tebulo lipatseni zilembo 255. Ndinaonapo pulogalamu imene danga lake linatsala pa zilembo 32 za nthawi ya MD5, hashi yatsopano inkadulidwa posunga, ndipo aliyense wolembetsa kumene ankakanidwa polowa. Mzere wa `password_needs_rehash` uja ndi umene umakulolani kukweza `cost` zaka zikamapita: munthu akalowa bwinobwino, pasiwedi yake ili m'manja mwa pulogalamu kwa kanthawi, ndiye mumaigayanso ndi muyezo watsopano n'kusunga.

Pali choonjezera chimene amachitcha tsabola, chinsinsi chimodzi chosungidwa kunja kwa nkhokwe ya deta. Dropbox inafotokoza mu 2016 kuti imadutsitsa pasiwedi mu SHA-512, kenako mu bcrypt, kenako hashiyo n'kuitsekera ndi AES-256, ndipo kiyi yake ndiye tsabolayo. Apa kutsekera ndi kiyi kuli pamalo pake, chifukwa chimene chatsekedwa ndi hashi. Kiyi ikabedwa, wakuba amapezabe mtondo ukumudikira.

Pamene mtondo suthandiza

Zaka 30 zija zisakunamizeni. Ndi nthawi yoyesa mndandanda wonse pa anthu onse, ndipo wakuba wanzeru satero. Amayamba ndi `123456` pa anthu 100,000 aja, zimene pa 1,400 pa sekondi zimamutengera mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Kenako `password`, kenako ina. Pakutha pa tsiku wayesa mapasiwedi ofala oposa 1,000 pa aliyense. Akafuna munthu mmodzi yekha, monga woyang'anira makinawo, mndandanda wonse wa RockYou amaumaliza m'maola osakwana atatu. Hashi yochedwa imateteza munthu amene pasiwedi yake siili m'mindandanda imeneyi. Choncho polembetsa kanani mapasiwedi odziwika kuti anabedwapo, ndipo lolani atali.

Nambala yachinsinsi ya manambala anayi, yonga imene timalemba potumiza ndalama pa foni, ili ndi njira 10,000 zokha, ndipo bcrypt pa 12 imaigwira masekondi 7. Nambala yotere imatetezedwa ndi kutseka akaunti munthu akalakwitsa kangapo, ndiponso ndi chinsinsi chosungidwa m'makina apadera osiyana ndi tebulo. Hashi yokha siingaipulumutse.

Ngati mwalandira tebulo lakale

Ambirife timapeza pulogalamu yolembedwa kale ndi wina. Tsekulani tebulo muone. Zilembo 32 za manambala ndi a mpaka f nthawi zambiri ndi MD5, 40 ndi SHA-1, 64 ndi SHA-256. Lembetsani anthu awiri oyesera ndi pasiwedi imodzi, ndipo mizere yawo ikafanana ndiye kuti mchere palibe. Mzere ukamatalika pasiwedi ikatalika, imeneyo si hashi.

Ngati ali poyera kapena otsekeredwa ndi kiyi, agayeni onse lero lomwe, fufutani danga lakale, ndipo kumbukirani mabakapu. Ngati ali mu MD5 simungawabweze, koma musadikire kuti aliyense adzalowe, chifukwa ena sadzabweranso ndipo mahashi awo ofooka adzakhalabe m'tebulo. Tengani hashi ya MD5 iliyonse muidutsitse mu bcrypt ngati kuti ndi pasiwedi, ikani chizindikiro kuti mzerewu ndi wokutidwa, ndipo mwini wake akadzalowa mudzausinthe kukhala bcrypt ya pasiwedi yeniyeniyo. Batani la oiwala lizitumiza linki yogwira ntchito kamodzi, yotha mphamvu pakapita nthawi yochepa, ndipo chizindikiro cha m'linkimo nachonso chisungidwe ngati hashi.

Mukatero fufuzani khodi yonse, chifukwa apa ndi pamene webusayiti ya zibwenzi ya Ashley Madison inagwera. Itaberedwa mu 2015, mapasiwedi a maakaunti pafupifupi 36 miliyoni anapezeka ali mu bcrypt pa 12, ndipo oyesa kuwathyola ankangopeza ochepa ofooka kwambiri. Kenako gulu lotchedwa CynoSure Prime linawerenga khodi imene inabedwa limodzi ndi tebulo, n'kupeza danga lina lotchedwa `$loginkey`. Pa maakaunti akale pafupifupi 15 miliyoni, dangali linapangidwa ndi MD5 kuchokera ku dzina lolowera ndi pasiwedi yosinthidwa kukhala zilembo zazing'ono zokhazokha. Gululo linasiya bcrypt n'kuthyola MD5 ija. Likapeza pasiwedi ya zilembo zazing'ono, linkangosinthasintha zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'kutsimikiza pa bcrypt kangapo kokha. M'masiku pafupifupi 10 linathyola mapasiwedi oposa 11 miliyoni.

Lamulo limene ndimayamba nalo ndikalandira khodi ya PHP yolembedwa ndi wina ndi ili:

```
grep -rniE "md5\(|sha1\(|base64_encode\(|openssl_encrypt\(" .
```

Mzere uliwonse umene watuluka ndimautsata kuti ndione ngati pasiwedi imadutsamo: m'makuke okumbukira munthu wolowa, m'malinki a m'maimelo, m'matebulo akale amene dzina lake limatha ndi `_old`. Ndikamaliza ndimalowa ndi pasiwedi yoyesera yachilendo, kenako n'kuifufuza m'mafayilo onse a malogi kuti ndione ngati yalembedwa penapake.